Chigubu Chachinayi

Kapitawo wa okolopa pachipatalapo atapuma pantchito, mpando wake unakhala miyezi itatu wopanda munthu. Sunali mpando woti munthu nkuulota ayi. Miyendo itatu inali yachitsulo, wachinayi womanga ndi waya, ndipo unkakhala m'kachipinda kopanda zenera kosungiramo mamopu, ndowa ndi zigubu za mankhwala okolopera, komwe onse ankangoti kusitolo. Koma wokhala pampandowo sagwada m'zimbudzi. Amasunga makiyi, amagawa mawodi, amasakaniza mankhwala ndi madzi, manja ake nkumakhala ngati a munthu.

Make Mapasa anali atakolopa pachipatalapo zaka 16. Ankadziwa matailosi amene amagwedera, mpopi umene umadontha, ndi dokotala amene amaponda ponyowa osapepesa. Anzake onse ankati mpandowo ndi wake, ena anali atayamba kale kumutchula kuti akapitawo akafuna kusinthana naye tsiku lopuma.

Kenako Abwana a za ukhondo anamata chikalata pachitseko cha kusitolo. Udindo wa kapitawo sutengera zaka, utengera mayeso. Mafunso 20 ochokera kulikulu, funso lililonse mayankho anayi, munthu asankhepo limodzi. Wopambana onse ndiye atenge makiyi.

"Anti, pepani," anatero Tayi, mnyamata wa satifiketi amene ankavala tayi mkati mwa ovolosi, zaka ziwiri zokha pantchito. "Bolopeni ilibe mpini wautali ngati mopu. Mudzaigwira pati?"

"Ndidzaigwira pomwe ndinagwira iwe tsiku lija unakomoka utaona magazi," anayankha Make Mapasa. "Pakhosi."

Anthu anaseka, iye nasekanso. Sukulu anaisiyira pakati pa sekondale, mimba ya mapasa itayamba kuoneka. Tsopano mapasawo anali atsikana aatali kumuposa, ndipo ndi kwa iwo komwe anabwereka kabuku ka mafunso a masamu kong'ambika chikuto. Ankayenda nako m'thumba la epuloni, nkumakasuzumira akaweramira ndowa.

Mu wodi ya amayi, pabedi la nambala 9 pafupi ndi zenera, panagona mayi wina amene anathyoka ntchafu. Mwendo wawo unali wopachikidwa ndi chingwe, chitsulo cholemera chikulendewera kumapeto. Anaphunzitsa masamu moyo wawo wonse, ndipo wodi yonse inkawatchula Madamu. Anamwino ankawaopa chifukwa ankawerengera madontho a diripi nkumawakonza.

"Amopu," anaitana Madamu tsiku lina m'mawa. "Mwakolopa pansi pa bedi langa katatu, malo amodzimodzi. Mukufuna mubowole? Mukubisa chiyani m'thumbamo?"

"Zanga."

"Zanu zili ndi chikuto cha buku la masamu. Bweretsani kuno, ndafa nako kuyang'ana denga."

Make Mapasa anatulutsa kabukuko monyinyirika. Madamu anavala magalasi, natsegula pamene panapindidwa.

"Mipopi iwiri ikuthira m'thanki imodzi. Waukulu pawokha umadzaza thankiyo m'maola atatu, waung'ono pawokha m'maola 6. Yonse ikatsegulidwa pamodzi, thanki idzadza m'maola angati? A, maola 9. B, maola anayi ndi theka. C, maola awiri. D, maola 18. Mwazunguliza B. Chifukwa?"

"Atatu ndi 6, pakati pake ndi anayi ndi theka. Ikugwira limodzi, ndiye ikumana pakati."

"Zomveka bwino. Zokoma kukhutu. Tsopano litengeni yankho lanulo, mulibwezere m'funso. Mwatsegula mipopi yonse, mwakhala pansi maola anayi ndi theka. Mpopi waukulu uja, pawokha, unati umadzaza nthawi yanji?"

"Maola atatu."

"Ndiye pofika maola anayi ndi theka?"

Make Mapasa anayang'ana mopu wake. "Madzi ali pansi. Ndikukolopa."

"Ndipo uko nkuti mnzake waung'ono sanathirepo ngakhale dontho. Munamvapo anthu awiri akuchedwa pantchito kuposa mmodzi?"

"Kuno zimachitika, Madamu. Mundipatse Tayi muone."

Madamu anaseka mpaka chitsulo chinagwedera, nagwira ntchafu akubuula. "Musandiphe. Mipopi si Tayi. Ndiye B wafa, A ndi D afera limodzi naye chifukwa ndi aakulu kuposa atatu. Watsala C. Koma musamukhulupirire chifukwa chotsala yekha, naye muyeseni. Gawani thankiyo magawo 6. Waukulu umadzaza magawo angati pa ola?"

"Awiri."

"Waung'ono?"

"Limodzi."

"Pa maola awiri?"

Make Mapasa anawerenga pa zala zake zosupuka. "Waukulu anayi, waung'ono awiri. Onse 6. Yadzadza, osatayika."

"Basi. Mverani, Amopu. Amene amalemba mafunso awa si mbale wanu. Akapeza yankho loona, amakhala pansi nkudzifunsa kuti munthu wothamanga angalakwitse bwanji. Wina aphatikiza, apeza 9. Wina achulukitsa, apeza 18. Wina agawa pakati ngati inu. Zolakwa zonsezo amaziyala pambali pa yankho loona kuti aliyense apeze chake, amwetulire, agwe. Kupeza yankho lanu pamndandanda si umboni woti mwakhoza. Chikomekome cha nkuyu."

"M'kati muli nyerere."

"Ndiye musanadye, ng'ambani. Yankho lililonse libwezereni m'funso, muone ngati likukwana."

Kuyambira tsikulo pansi pa bedi 9 panali poyera kuposa tebulo la opaleshoni. Madamu sankayamikira munthu. Make Mapasa akakhoza, iwo ankangoti, "Lina." Akalakwa ankati, "Mwadyanso nyambo, nsomba yaikulu ngati inu." Make Mapasa ankatuluka mu wodimo akutukwana chamumtima, mawa nkubweranso.

Mayeso analembedwa Lachitatu m'mawa m'chipinda cha misonkhano. Okolopa 12 anakhala motalikirana, Abwana akuyendayenda manja kumbuyo, nsapato zikulira. Mafunso ambiri anali a ntchito: zinyalala ziti zipite mu bini iti, magolovesi avulidwe bwanji. Ena anali a masamu. Tayi anamaliza theka la ola lisanakwane, naika bolopeni pansi mwaphokoso kuti aliyense amve.

Make Mapasa anafika pa funso la 12.

"Mankhwala okolopera asakanizidwe motere: pa lita imodzi iliyonse ya mankhwala, malita anayi a madzi. Mukufuna zosakaniza zonse zikwane malita 20. Muthira malita angati a mankhwala? A, 16. B, 5. C, 4. D, 2."

Anamwetulira. Funso ili linali ngati kukumana ndi mnansi pamsika. Mankhwala ankabwera m'zigubu za malita asanu. Ndowa zawo zinali za malita 20, mzere wake uli pansi pang'ono pa mlomo. Ndipo pakhoma la kusitolo, chichokereni kapitawo wakale amene ankasakaniza yekha chitseko chili chotseka, panali pepala lolembedwa ndi dzanja la Abwana: CHIGUBU CHIMODZI M'NDOWA, DZAZANI MADZI MPAKA PAMZERE. Ngakhale masamu ankavomereza: 20 kugawa kanayi, 5. Anazunguliza B ndi pensulo, napitirira.

Ali pa funso la 14 kumwetulira kuja kunayamba kumuyabwa. Anabwerera. Ng'ambani musanadye.

Analemba m'mphepete mwa pepala. Malita asanu a mankhwala, lita iliyonse ikufuna malita anayi a madzi, ndiye madzi malita 20. Kuphatikiza ndi asanu aja, 25. Funso likufuna 20.

Anayesanso, poganiza kuti wasokoneza. 25 yemweyo.

Anayesa C. Malita anayi a mankhwala, madzi 16, pamodzi 20. Ndendende. Ndipo 16 uja ndi uyo wakhala pa A, kudikira munthu amene wawerengera bwino koma waiwala kuti afunsidwa za mankhwala osati madzi. D anapereka malita 10 okha.

Anayang'ana zala zake. Khungu la pakati pa zala linali litasupuka miyezi itatu tsopano, ngati la anzake onse. Ankati mankhwala obwera masiku ano ndi aukali. Anafufuta B mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, nazunguliza C.

Lachisanu Abwana anaitana onse kusitolo, mapepala ali m'khwapa. Anali osangalala.

"A kulikulu anaiwala kutumiza pepala la mayankho," anatero. "Wina akanadikira mwezi. Ine ndinakhala pansi ndi kapu ya tiyi, tiyi asanazizire nkuti ndamaliza kuwerengera onse. Wachitatu wapeza 13. Wachiwiri, Amake Mapasa, 16. Mwayesetsa mayi, pamsinkhu wanu. Woyamba, 17."

Tayi anakonza tayi yake. Ena anaomba m'manja, ena anayang'ana pansi. Abwana anagawa mapepala nayamba kuwerenga mayankho mokweza kuti aliyense aone pomwe anagwera.

"Funso la 12, B."

"C," anatero Make Mapasa.

"B, mayi. Malita asanu. Ili ndinkati ndakupatsani laulere, poti yankho lake lili pakhoma apo. Onse akhoza kupatula inu."

"Asanu akufuna madzi malita 20, bwana. Zonse zikhala 25."

"20 kugawa kanayi ndi zingati?"

"Asanu. Koma magawo si anayi, ndi asanu. Limodzi la mankhwala, anayi a..."

"Taonani pepala lanu." Abwana analikwatula nalikweza kuti onse aone. "Poyamba analemba B, nzeru zili bwinobwino. Kenako anafufuta. Ndiwo mavuto a sukulu yoyambira kuukulu, munthu umasokonezeka wekha. Funso la 13."

Panamveka kuseka kwapansipansi. Make Mapasa anasuzumira pepala la Tayi. Pa 12 panali B ndi chichongi chachikulu chofiira. Masamu ake sanafune pensulo: funsolo likakonzedwa, iye akwera kufika 17, Tayi atsika kufika 16.

"Kalata ya udindo isainidwa Lolemba m'mawa, Amatroni akabwera mu ofesi yanga," anamaliza Abwana. "Nkhani yatha."

Popita kukakolopa Make Mapasa anapatukira pabedi 9, naponya pepalalo pabulangete. Madamu analiwerenga lonse osathamanga.

"Funso la 7 mwalakwa. Anafunsa chomwe sichiyenera kuchitidwa, inu mwasankha choyenera. La 15 ndi la 19 mwalakwanso."

"Ndikudziwa. Atatuwo ndadya nyambo ndekha, sindikulira nawo. La 12?"

"La 12 mwakhoza. Amene anachongayo ndiye wakodwa."

"Ndiye mukawauze. Inu ndinu aphunzitsi, akumverani."

"Ndipite bwanji, ndi bedi lomwe?" Madamu anavula magalasi. "Ndipo ndikapita, adzati nzeru zinali za Madamu, Amopu anangobwereka. Mwendo wopachikidwa ndi wanga. Yanu iwiri ili pansi."

Kunyumba Make Mapasa anapeza bambo a mapasa ali pakhonde, akupala chitseko cha kabati ya munthu, tizipalo ta matabwa tili m'tsitsi. Anawafotokozera ali chiimire, chikwama chikadali paphewa.

"Ndiye ukufuna ukatsutse bwana pamaso pa Amatroni?" anafunsa bamboyo osasiya kupala. "Mayi, wamkulu salakwa pagulu. Ukapambana mlandu, uluza ntchito. Zaka 16 uzitaye chifukwa cha lita imodzi?"

"Inu munthu akakuuzani kuti chitseko ichi chikwana, inu mukuona kuti ndi chachikulu, mumatani?"

"Ndimachitenga nkukachiyika pafelemu, aone yekha."

"Simukangana naye?"

"Ndikanganirenji? Felemu ndiyo imayankha."

Make Mapasa anatsitsa chikwama. "Zikomo bambo."

"Sindinakuuze kanthu ine!" anakuwa bamboyo, mkazi wawo atalowa kale m'nyumba. "Atsikana inu, mwamva? Ine sindinawauze kanthu amayi anu!"

Mapasa, amene ankamvetsera kuseri kwa katani, anayankhira limodzi kuti amva zonse.

Lolemba Make Mapasa anafika kuntchito dzuwa litangotuluka. Kusitolo anatenga ndowa imodzi ya malita 20 ndi zigubu zisanu zopanda kanthu. Zinayi anazidzaza madzi a pampopi mpaka pamzere wa malita asanu. Chachisanu anachidzazanso madzi, nathiramo sopo wabuluu pang'ono kuti chisiyane ndi zinzake. Zonse anazikweza pa tirole ya zokolopera. Mopu anamusiya.

"Anti, mukusamuka?" anafunsa Tayi pakhonde. Anali atavala tayi yatsopano, ovolosi atayisiya dala.

"Tiye ukaone. Ukhale kutsogolo, nsapato zakozo ndazikonda."

Mu ofesi ya Abwana munali tebulo lalikulu, kabati ya mafayilo ndi kapeti yaing'ono yofiirira yomwe Abwana anabwera nayo kuchokera kwawo. Amatroni, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri amene ankayang'anira mawodi onse, anali atakhala kale, kalata ili patsogolo pawo, akufufuza bolopeni m'thumba. Make Mapasa anagogoda kamodzi nalowa ndi tirole yake. Okolopa ena anaunjikana pakhomo.

"Muno mukolopa masana," anatero Abwana.

"Sindinabwere kudzakolopa, bwana. Amatroni, pepani. Musanasaine, ndili ndi dandaulo pa funso la 12."

"Nkhani imeneyo tinatseka Lachisanu. Tulukani."

"Munatseka pakamwa panga, nkhani simunaitseke."

Pakhomo wina anati "Eee!" chapansipansi. Amatroni anakweza maso.

"Funso lake likuti chiyani?"

Make Mapasa anawapatsa pepala lake. Amatroni anawerenga milomo ikugwedera.

"20 kugawa kanayi," anatero pang'onopang'ono. "Asanu. Si choncho?"

"Mwaona!" Abwana anamenya tebulo. "Ine asanu, Amatroni asanu, anthu 11 asanu. Inu nokha, mayi, ndiye anzeru pachipatala chonse chino?"

"Msampha ukagwira makoswe ambiri sukhala chakudya, bwana. Ine sindikangana nanu. Yankho lanu ndabwera nalo, tilibwezere m'funso."

Anatsitsa ndowa, naiika pakati pa chipinda, chala chimodzi kuchokera pa kapeti. Ananyamula chigubu chabuluu.

"Awa akhale mankhwala. Ndi madzi a sopo, musati ndawononga katundu wa chipatala. Malita asanu, yankho lanu." Anakhuthula chonse. "Funso likuti pa lita iliyonse, malita anayi a madzi. Ndiye pa chigubu chimodzi cha mankhwala, zigubu zingati za madzi? Tayi, wa satifiketi, tithandize."

Tayi anayang'ana Abwana, kenako pansi. "Zinayi."

"Zinayi. Ndi izi. Ndipo ndowa iyi ndi ya malita 20, monga likufunira funso. Ngati B ali woona, zonse zilowa."

Anathira choyamba. Madzi anakwera kufika pakati. Anathira chachiwiri. Thovu labuluu linayamba kusuzumira. Anathira chachitatu mosamala, ndipo madzi anaima pamzere penipeni, pansi pang'ono pa mlomo wa ndowa.

Ananyamula chigubu chachinayi natsegula chivindikiro.

"Chatsala ichi, bwana. Ndithire?"

"Musachite zachibwana muno."

"Ngati yankho ndi asanu, malo alipo. Ndithire, kapena munene kuti ndi C?"

Abwana anaimirira. Khosi linali litatupa pamwamba pa kolala. Anayang'ana khamu la pakhomo, anayang'ana Amatroni, amene anali atapinda manja.

"Yankho ndi B," anatero. "Ndipo mukangodontheza dontho limodzi muno, kalata ya chenjezo ikupezani lero lomwe."

"Chabwino."

Make Mapasa anapendeketsa chigubu. Sanathamange. Madzi anakwera kudutsa mzere, anafika pamlomo, anaima pamenepo ngati akuganiza, kenako anasefukira mbali zonse. Anayenda pa simenti, analowa mu kapeti, anazungulira miyendo ya tebulo, nakapeza nsapato za Tayi. Tayi analumpha. Amatroni anangokweza mapazi nawaika pa kamtanda ka mpando. Make Mapasa anathirabe mpaka dontho lomaliza, nagwedeza chigubu, nachiika pansi.

"Awo ali pansiwo ndi yankho lanu, bwana. 25 m'ndowa ya 20."

Pakhomo munthu wina analephera kudzigwira, kuseka kunaphulika, kenako kunazima msanga Abwana atatembenuka.

"Ife sitithira choncho!" anakalipa Abwana. "Timathira chigubu nkudzaza mpaka pamzere. Palibe chimatayika!"

"Zoona. Ndiye kuti timathira zigubu zitatu za madzi pomwe pakufunika zinayi. Chachinayi timachisiya, mankhwala nkukhala aukali." Anatambasula manja ake pamwamba pa tebulo, zikhatho m'mwamba. "Chigubu chachinayicho timachilipira ndi izi. Anzanga, aonetseni."

Mayi wina wa ku wodi ya ana anatambasula manja ake ali pakhomo pomwepo, wina naye, winanso. Onse ofanana, ofiira, osupuka pakati pa zala, chifukwa magolovesi akabooka amatenga sabata kuti ena abwere.

Amatroni anatola chigubu chimodzi chopanda kanthu, nawerenga pepala lomatidwa pambali pake, akulitalikitsa ndi maso.

"Gawo limodzi la mankhwala, magawo anayi a madzi," anawerenga. Anatenga bolopeni nalemba pakona pa envelopu. "Anayi ndi 16, 20. Asanu ndi 20, 25." Anapumira m'mwamba. "Inenso ndinagwamo. Pepala la mayankho la kulikulu lili kuti?"

"Silinabwere," anayankha Abwana. "Ndinawerengera ndekha."

"Ndipo pepala la pakhoma kusitolo analemba ndani?"

Abwana anakhala pansi, nakweza mapazi nawonso. Atayankhula, mawu anali atafewa ngati a munthu wogulitsa malonda.

"Poti pali chisokonezo, Amatroni, chilungamo nchoti funso limeneli tilichotse. Kapena tilembetse mayeso ena."

"Likachotsedwa, ine 16, Tayi 16," anatero Make Mapasa. "Kenako mudzati satifiketi ilekanitse. Ayi bwana. Funso silinalakwe, lili bwinobwino, ndipo lagwira amene linatchera. Ine atatu ndinalakwa, sindinapemphe kuti achotsedwe. Ili ndakhoza. Mundipatse changa."

"Mukuyankhula ndi ndani choncho?"

"Ndi amene anachonga."

Amatroni anatambasula dzanja. "Mapepala onse 12, ndi bolopeni yofiira."

Okolopa anathamanga kukatenga mapepala awo. Amatroni anachonga okha, pepala limodzilimodzi, madzi akudontha kuchokera m'mphepete mwa ndowa. Anawerengeranso mafunso ena onse a masamu, yankho lililonse akulibwezera m'funso monga anaonera, ndipo ena onsewo Abwana anali atakhoza. Atamaliza anakoka kalata ya udindo, nadula mzere pa dzina limene linalipo, nalemba lina pamwamba, nasaina m'mbali.

"17 kwa 16," anatero. "Kalata ilembedwenso bwino isanakwane 12 koloko. Pepala la pakhoma lichoke pompano."

Tayi anali ataima pakona, nsapato zikuchucha. "Anti," anatero motsitsa, "ine 5 uja ndinangomuona nkumuzindikira. Sindinawerengere nkomwe."

"Ndikudziwa. Nanenso anandimwetulira."

Abwana anali asanathe. Anakoka pepala loyera natsegula bolopeni. "Amatroni, udindo ndi udindo, koma mwano ndi mwano. Munthu wathira madzi mu ofesi ya mkulu wake atamuletsa. Chenjezo ndilemba."

Amatroni anayang'ana kapeti imene inali itasanduka thonje lonyowa. "Limenelo ndi lanu, lembani. Munamuletsadi."

Make Mapasa anayamba kukweza zigubu zopanda kanthu pa tirole, chimodzichimodzi.

"Lembani bwana, ndisaina. Madzi akatayika saoleka. Kungoti pamwamba pake mulembe bwino, kuti likupita kwa Kapitawo."

Anatambasula dzanja losupuka lija. Abwana analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula kabati ya tebulo, natulutsa mulu wa makiyi a kusitolo, nauponya patebulo m'malo moupereka m'manja. Make Mapasa anautola, nauyesa kulemera, nauika m'thumba la epuloni mmene munali kabuku kong'ambika chikuto.

"Nanga madziwa akolopa ndani?" anafunsa Abwana.

"Ndikaona pa ndandanda," anayankha Make Mapasa, akukankha tirole kutuluka. Pakhomo anaima. "Tayi, kavale ovolosi. Lero uli ku maofesi. Ndipo usanayambe undipeze kusitolo ndi jagi ya lita imodzi, ndikuonetse kathiridwe. Majagi anayi, osati chigubu."

Podutsa pa wodi ya amayi sanalowe. Anangoima pakhomo, natulutsa makiyi, nawagwedeza m'mwamba. Madamu anasuzumira pamwamba pa magalasi.

"La 7 lija munalakwabe," anakuwa kuchokera pabedi 9.